Mphindi Khumi za a Kumwamba

Munthu amene sanakwerepo kireni asatiuze zambiri za kupirira. Kuchokera pansi kukafika m'kanyumba ka woyendetsa pali masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu, ndipo kumwambako kulibe chimbudzi. Kuli mpando, zogwirira ziwiri, wayilesi yolankhulirana ndi anthu apansi, ndi magalasi mbali zonse, ngakhale kumapazi. Amene anapanga kireniyo anaganizira za mphepo, za mphenzi, za kulemera kwa katundu, koma za m'mimba mwa munthu anaiwala.

Woyendetsa kireni ya pamalo pomwe ankamanga nyumba ya nsanjika khumi ndi ziwiri paja anthu ankangomutchula kuti a Kumwamba. Anali bambo wa zaka makumi anayi ndi zinayi, wamapewa aakulu, wosalankhulalankhula, ndipo ntchito yake ankaikonda ngati mwana wobadwa yekha. Mtolo wa zitsulo wolemera ngati galimoto ankautsitsa pafupi ndi phazi la mmisiri, mmisiriyo osadzidzimuka n'komwe. Koma mwezi umenewo anali atatsika kawiri ntchito ili mkati. Ulendo wachitatu ndiwo unaipa kwambiri, chifukwa pansi panali malole awiri a konkire, migolo yake ikuzungulira, akudikira chidebe cha kireni.

Malikhweru, amene ankapereka zizindikiro ali pansi, anamva wayilesi ikuti, "Ndikutsika kaye."

"Mukutsika? A Kumwamba, konkire ikulimba kuno!"

Anthu onse anangoona kadontho ka chipewa chachikasu kakutsika makwerero mothamanga kuposa mmene malamulo amalolera. Atafika pansi sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa amisiri akuyenda timasitepe tifupitifupi ngati wavala nsapato za mwana, n'kulowa m'kachimbudzi ka malata kuseri kwa mulu wa mchenga. Amisiri, anthu opanda chisoni, anaseka mpaka ena kukhala pansi. Pofika nthawi yomwe anabwerera kumwamba, lole imodzi inali itabwezedwa.

Madzulo ake kapitawo anawaitanira pambali. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Bambo, dzanja lanu palibe wofanana nalo pano, zimenezo ndikudziwa. Koma pakatha masabata atatu tikuthira silabu ya pamwamba. Tikayamba seveni koloko sitiima mpaka titamaliza, mwina thu koloko. Konkire sidikira munthu. Mukatsika tsiku limenelo, kireni ndipereka kwa wina, inu muziyendetsa foloko pansi pano. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana."

Foloko! Kagalimoto konyamula matumba a simenti m'fumbi, munthu amene kwa zaka khumi ndi chimodzi wakhala akuona dzuwa likutuluka anzake pansi akadali mumthunzi. A Kumwamba anapita kwawo mtima uli tswee, ndipo m'basi anaganiza nzeru imene anaiona ngati yakuya: chosalowa sichituluka. Kuyambira mawa, chakudya cham'mawa basi.

Anatha masiku awiri akuchita zimenezo. Tsiku lachiwiri, cha m'ma leveni, anaona chingwe cha kireni chikukhala ngati ziwiri, n'kuchita mantha. Kunyumba nako mayi a ana anali ataona kuti fulasiki ikubwerera yodzaza, buledi ali chimangire m'pepala mwake.

M'nyumba mwawo munkakhalanso mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, namwino wa pachipatala chachikulu, mtsikana wa pakamwa posatseka. Loweruka madzulo anawapeza kukhitchini akubisa kapepala ka mapilitsi m'thumba la ovolosi.

"Alamu, onetsani."

"Si kanthu, a mutu awa."

"Mutu wanu unasamukira liti kumunsi? Awa ndi otsegula m'mimba, ndimawagawa tsiku ndi tsiku. Achemwali! Bwerani mudzaone amuna anu akumwa chiyani!"

A Kumwamba analakalaka pansi patang'ambika. Iwo anakulira m'nyumba momwe mawu akuti chimbudzi sankatchulidwa. Munthu ankati ndikupita kuseri, kapena ankangosowa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ali pabanja, akazi awo anali asanawamvepo akukamba za m'mimba. Koma mlamu anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana nawo ngati wapolisi.

"Manyazi anapha lambe, alamu. Mumapita kangati pa sabata?"

Anayang'ana kudenga. "Kawiri. Mwina kamodzi."

"Zolimba?"

"Ngati miyala."

"Magazi?"

Anavomera ndi mutu pang'ono. Akazi awo anagwira pakamwa. "Kalanga ine, bambo a ana, osandiuza!"

"Lolemba mukaonetse kuchipatala," anatero mlamu, ndipo apa sankaseka. "Nthawi zambiri amakhala timitsempha totupa chifukwa chotchima, koma magazi sitiganizira, timaonetsa. Tsopano ndiuzeni tsiku lanu, kuyambira podzuka."

Anafotokoza. Amadzuka hafu faifi, kusamba, kunyamula fulasiki ndi buledi, ulendo. Akafika kumwamba cha m'ma seveni amathira tiyi wotentha, n'kumadya akuona mzinda ukudzuka. Nthawi imeneyo ndiyo ankaikonda kuposa ina iliyonse.

"Ndiye pakapita kanthawi m'mimba mumaitana."

A Kumwamba anadabwa. "Wadziwa bwanji?"

"Ndiye mumatani?"

"Ndimalimba mtima. Zimatha zokha."

Mlamu anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva, achemwali? Munthu uyu amaitana yekha mlendo, mlendo akagogoda iye n'kutseka chitseko! Alamu, mvetserani. Chakudya chikangolowa m'mimba, mimba imatumiza uthenga kumatumbo aakulu kuti konzani malo, kukubwera zatsopano. Matumbo amayamba kukankha zakale. Zimachitika mukadya nthawi iliyonse, koma m'mawa ndiye zimakhala ndi mphamvu, chifukwa matumbo nawo amadzuka inu mukadzuka. Chakumwa chofunda chimathandizira. Thupi lanu lilibe vuto, likugwira ntchito yake bwinobwino. Inu ndi amene mumaliyambitsa muli pamalo opanda chimbudzi. Mukazigwira, kufuna kuja kumatha, inde, koma zinthuzo sizipita kwina. Zimakhala momwemo, matumbo n'kumayamwa madzi ake, n'kumauma. Madzi mumamwa kumwambako?"

"Pang'ono. Kuopa kukodzakodza."

"Ehe! Ndiye pakatha masiku anayi mumamwa mapilitsi awa pogona, iwo n'kudzakugwirani teni koloko muli m'mitambo. Alamu anga, mwadzikonzera nokha msampha wabwino zedi."

A Kumwamba anapsa mtima pang'ono, chifukwa palibe mwamuna amakonda kumva kuti mavuto ake onse ndi kapu ya tiyi yomwera pamalo olakwika. Koma pansi pa mkwiyowo anamva kupepukidwa. Iwo ankaganiza kuti ali ndi nthenda yobisika yomwe idzawatsitse pa kireni mpaka kalekale.

Mlamu anang'amba tsamba la kalendala yakale n'kulemba kumbuyo kwake. Kudzuka faifi koloko. Kapu ya madzi ofunda, kenako tiyi ndi phala, kudyera patebulo, osati choimirira. Chipatso chimodzi. Kuyendayenda pabwalo, kupukuta nsapato, chilichonse chosuntha thupi. Pakatha mphindi makumi awiri chidyereni, kukakhala m'chimbudzi, kaya mwamva kufuna kaya ayi. Mapazi pa chinthu chokwera kuti mawondo apose chiuno, kuweramira kutsogolo pang'ono, mimba kuimasula. Osatchima. Mphindi khumi zikakwana, kutuluka, ngakhale palibe chachitika. Masana madzi, botolo lalikulu lonse. Madzulo nyemba ndi zamasamba zisasowe.

"Tsiku lililonse, nthawi yomweyo, ndi Lamlungu lomwe. Matumbo amaphunzira ngati mwana wa sukulu, mobwerezabwereza."

"Zitenga masiku angati?"

"Ena sabata, ena masabata angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine ndili ndi masabata osakwana atatu."

"Ndiye muyambe mawa."

Vuto linali loti nyumbayo inali ndi chimbudzi chimodzi, cholumikizana ndi bafa, ndipo m'mawa munkakhala ngati pa depoti: ana awiri a sukulu, mlamu, mayi a ana. Mayiwo ndi amene anaweruza mlandu. Anaima pakhomo la khitchini manja m'chiuno n'kulengeza kuti kuyambira mawa, faifi fote mpaka faifi fifite, m'bafa simulowa munthu. Ana anafunsa chifukwa. "Ndi nthawi ya bambo anu," anatero, ndipo nkhope yawo sinalole funso lachiwiri. Anapezanso chitini chakale cha penti n'kuchiika pafupi ndi mtondo wa chimbudzi kuti chikhale chopondapo.

Lolemba a Kumwamba anapempha ola limodzi n'kupita kuchipatala. Dokotala anawapima, n'kunena kuti ndi timitsempha totupa basi, anawapatsa mafuta opaka ndi ufa wosungunula m'madzi wofewetsa chimbudzi, wa masiku oyambirira okha. Za pepala la mlamu anati apitirize.

Koma sabata yoyamba ija, abale, inali yochititsa manyazi. Munthu wamkulu kukhala tsonga faifi fote m'mawa, mapazi pa chitini cha penti, kumvetsera tambala wa kwa aneba, nyumba yonse ili zii ngati muli mayeso. Akatuluka ankapeza maso anayi akumuyang'ana, a mkazi ndi a mlamu, ndipo iye ankangodutsa. Ufa wa dokotala unkagwira ntchito, koma nthawi yake yokha, madzulo ataweruka, tsiku lina m'bandakucha. Pa mphindi khumi zija panalibe chochitika.

Lachinayi anaganiza zothandizira. Analowa ndi foni, n'kukhala mphindi makumi awiri ndi zisanu, akutchima ngati akukankha galimoto yofa. Chitseko chinalira, go go go.

"Alamu, ndikumva ine! Ndinati osatchima!"

"Choka apo iwe!"

"Sindichoka. Mukufuna timitsempha tija titupenso? Pumani bwino, musagwire mpweya. Ndipo foniyo mundipatse, muli m'chimbudzi, simuli mu ofesi."

Kuyambira tsiku limenelo foni inkatsala pa firiji. Lamlungu, pokhala tsiku lopuma, anazimitsa alamu n'kudzikulunga m'bulangete, koma akazi awo anawachotsa bulangetelo mwaulemu wonse. "Mimba sidziwa Lamlungu, bambo. Tiyi ali patebulo." Anadzuka akung'ung'udza kuti m'nyumba muno munthu alibenso ufulu ngakhale wa matumbo ake.

Kuntchito anasiya fulasiki, n'kumakwera ndi botolo la madzi la malita awiri ndi lina lopanda kanthu la ntchito imene oyendetsa kireni onse amaidziwa koma saikamba. Masana ankadya mopepuka, nthochi ziwiri kapena kabuledi. Seveni koloko ija, nthawi yake ya tiyi, manja ankasowa chogwira, ndipo ankamva chisoni chenicheni. Malikhweru ankawaputa pa wayilesi: "A Kumwamba, lero tikuonani pansi nthawi yanji? Ndisese njira?" Iwo ankangoyankha kuti, "Yang'ana katundu, iwe."

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Lolemba, anamwa madzi awo ofunda, kudya phala ndi chidutswa cha papaya, n'kutuluka panja kukapukuta nsapato. Ali pa nsapato yachiwiri anamva m'mimba kuyenda, pang'onopang'ono koma motsimikiza. Anayang'ana wotchi: faifi sate eyiti. Anasiya burashi pomwepo. Pasanathe mphindi zinayi madzi analira m'chimbudzi, ndipo anatuluka nkhope ikuwala, akuyesetsa kuti asamwetulire.

Mayi a ana anali ndi supuni m'manja. "Bwanji?"

"Zatheka."

"Popanda kuvutika?"

"Ngati kalata kulowa m'bokosi."

Mlamu analiza nthungululu faifi fote thu m'mawa, mpaka galu wa kwa aneba anayamba kuuwa. Akazi awo anaseka misozi ili mbwembwembwe, ana anatuluka kuchipinda akufikisa m'maso kufunsa ngati kwabadwa mwana. A Kumwamba anati, "Anthu inu mulibe ulemu," koma nawonso anali akuseka, ndipo tsiku limenelo masitepe aja anawakwera akuimba.

Lachiwiri panalibe kanthu, ndipo anabwerera m'nkhawa. "Musadandaule, nayenso mwana wa sukulu amajomba," anatero mlamu. Lachitatu zinatheka, Lachinayi zinatheka. Ufa wa dokotala anausiya monga anauzidwira, zinthu n'kumayendabe. Sabata yachitatu thupi linali litagwira nthawi, moti tsiku lina wotchi ya kukhitchini itaima, mayi a ana anaikonza poona amuna awo akusiya burashi.

Tsono silabu inali yothira Lachisanu. Lachinayi madzulo, a Kumwamba akulowa pageti, anamva chifuwa chachilendo pabalaza. Anali apongozi awo aamuna, bambo wa akazi awo, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, atabwera kudzapimitsa maso kuchipatala. Mkulu ameneyu ankavala jekete ndi tayi ngakhale pomwa tiyi. Zaka zonsezi a Kumwamba anali asanakhalepo naye momasuka. Akalowa apongozi iwo ankaimirira, akafunsidwa ankayankha mawu awiri, maso ali pansi. Mlamu, amene yekha ankatha kuseka ndi bambo ake, anali wa usiku sabata imeneyo, wobwera seveni koloko m'mawa. Za nthawi ya bambo palibe anamuuza mkuluyo. Ungayambire pati?

Lachisanu a Kumwamba anadzuka alamu isanalire. Madzi ofunda, tiyi, phala, lalanje. Anatuluka kukapukuta nsapato, akuganiza za tsikulo: malole khumi ndi anayi a konkire, zidebe zosawerengeka, maola asanu ndi awiri osatsika. Faifi sate seveni m'mimba munaitana, mokhulupirika ngati kale. Anathokoza mumtima, n'kulowa m'nyumba.

Chitseko cha bafa chinali chotseka. Pansi pake pankatuluka kuwala, ndipo mkatimo munamveka tsamba la nyuzipepala likutembenuzidwa.

Anathamangira kukhitchini chonyang'ama. "Muli ndani?"

Akazi awo anali atagwira kale mutu. "Ndi bambo. Alowa inu muli panja. Kwawo amakhalamo ola lathunthu."

"Ola! Basi yanga ndi ya sikisi koloko. Kagogode."

"Ine? Ndikagogode bambo anga ali m'chimbudzi? Bola ndife."

"Ndi bambo ako!"

"N'chifukwa chake!"

Ananong'onezana choncho ngati akuba, wotchi ikuyenda. Faifi fote wani. A Kumwamba anaganiza zongopita, akaonere kuntchito. Koma ankadziwa bwino chimene chingachitike. Akazigwira mphindi makumi anayi za m'basi, kufuna kuja kutha, akakhala m'kachimbudzi ka malata popanda chochitika, kenako zidzabwerera zokha ali kumwamba chidebe chili m'malere. Anazichita zaka zambiri, ankazidziwa. Anaona foloko m'maganizo mwake, fumbi la simenti, Malikhweru akuyesetsa kusaseka.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero akazi awo motsitsa, osawayang'ana.

"Chitsekocho chili ndi apongozi mkati!"

Komabe anapita. Anaima pakhomo paja, n'kukonza kolala ya ovolosi ngati apongoziwo akuwaona. Thukuta linali kamukamu. Anakweza dzanja, kulitsitsa, kulikwezanso. Go. Go.

Nyuzipepala inasiya kulira. "Ndani?"

"Ndine, bambo. Mkamwini wanu."

Mkatimo munamveka nyuzipepala ikupindidwa.

"Kwagwanji, apongozi?"

A Kumwamba anatseka maso. Mawu amene anali asanawanenepo kwa munthu wamkulu aliyense anatuluka onse pakamodzi. "Pepani kwambiri, bambo, ndachita mwano. Ndimadwala kudzimbidwa. Ndakhala ndikuphunzitsa thupi kuti ndizichita chimbudzi nthawi ino, ndisanakwere kireni, chifukwa kumwamba kulibe kopita. Lero ndikatsika ntchito ili mkati, kireni andilanda. Ndikupempha mphindi zisanu zokha."

Kukhitchini supuni inagwa.

Kunamveka lamba akumangidwa, madzi a pa sinki, kenako loko. Apongozi anatuluka nyuzipepala ili m'khwapa, tayi ili m'malo mwake, n'kumuyang'ana mkamwini wawo pamwamba pa magalasi. A Kumwamba anadikira chiweruzo.

"Mwati mumaphunzitsa thupi?"

"Inde, bambo."

"Ndipo limamva?"

"Limamva, bambo."

"Ine lero ndi tsiku lachinayi osachita chimbudzi," anatero mkuluyo motsitsa mawu, ngati akuulula mlandu. "Ndimangowerenga nyuzi. Lowani, lowani, musataye mwayi. Kachitini kaja n'kachiyani?"

"Mwana wanu akufotokozerani, bambo!" Anayankha chitseko chikutsekeka kale.

Mphindi zinayi. Potuluka anapeza apongozi atakhala patebulo, kapu ya madzi ofunda ili kutsogolo kwawo, akuwerenga kumbuyo kwa tsamba la kalendala lija chala chili pamzere, mayi a ana atatembenukira ku mbaula kuti asaonetse kuseka. A Kumwamba anatenga chipewa ndi mabotolo awo.

"Muyende bwino, mwana wanga," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Apa akuti osatchima. Zoona zimenezi?"

"Zoona, bambo."

Basi anaipeza ikunyamuka, anaikwera chothamanga, ndipo njira yonse ankaseka yekha mpaka mayi wina anasuntha mpando.

Lole yoyamba inalowa pageti seveni koloko ndendende. Malikhweru anakweza dzanja, chidebe chinadzazidwa, a Kumwamba anachinyamula, kuchizungulitsa pamwamba pa nsanjika khumi ndi ziwiri, n'kuchiimika pamphuno pa amisiri osagwedera. Konkire inakhuthuka, makina otsendera analira, chidebe chinabwerera. Chachiwiri. Chakhumi. Dzuwa linakwera, magalasi anatentha, iwo ankamwa madzi awo pang'onopang'ono. Cha m'ma teni, nthawi yomwe kale inali ya mavuto, anaona kapitawo pansi ataphimba maso ndi dzanja, akuyang'ana makwerero. Amisiri ena nawo ankaba kuyang'ana.

Wayilesi inakhosomola. "A Kumwamba," anatero Malikhweru, ndipo ulendo uno sankaputa, "muli bwanji kumeneko?"

"Ndili bwino. Chidebe chadzaza?"

"Chadzaza."

"Ndiye tikucheza chiyani?"

Masana mphepo inadzuka, chidebe chinayamba kuvina, ndipo kwa theka la ola maganizo awo onse anali pa chingwe. Anadya nthochi imodzi lole ina itachedwa pamsewu. M'mimba munali phee. Zaka zonsezi ankagwira ntchito ndi theka la mutu, theka linalo likulondera kumunsi, ndipo anali ataiwala kuti munthu angathe kukhala pampando uja osamva thupi lake.

Chidebe chomaliza chinakhuthuka hafu pasiti thu. Pa silabu amisiri anaponya zipewa m'mwamba, Malikhweru analiza likhweru lake lalitali lija lomveka mpaka kumsewu. A Kumwamba anakweza mbedza, kumasula mkono wa kireni kuti uzitsata mphepo, n'kuzimitsa makina. M'kanyumba munangoti zii.

Wayilesi inaliranso, ndipo anali mawu a kapitawo.

"Bambo, mwagwira ntchito. Nyumba yotsatira ndi ya nsanjika makumi awiri, ndipo kireni yake ndi yanu. Tsikani tsopano, mwakhalitsa."

A Kumwamba anavula chipewa. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, akuchita manyazi ngakhale kunalibe wowaona. Anayang'ana makwerero aja kudzera pa galasi la kumapazi, anthu ang'onoang'ono pansi atangoti maso m'mwamba kudikira kuona liwiro lake. Anatambasula miyendo, n'kutsamira bwinobwino pampando.

"A Kumwamba, mwandimva? Ndati mutha kutsika."

Anadina batani akuseka.

"Ndamva, bwana. Ndibwera. Koma lero sindikufulumira."